Pofuna Mlangizi Kuntchito, Yambani ndi Pempho Laling'ono

Mphunzitsi amene wangoyamba ntchito pasukulu ya sekondale amazindikira msanga kuti m'stafurumu muli munthu amene aliyense amamupatsa ulemu. Tinene kuti ndi mayi wophunzitsa masamu, amene ana awo a Folomu 4 amakhoza bwino mayeso a MSCE chaka ndi chaka. Mtima umafuna kungowauza kuti, "Mayi, mukhale mlangizi wanga." Pempho lotere n'lolemera. Mayiwo sadziwa chimene akuvomera, ngakhalenso kuti chidzatha liti. Komanso kwathu kuno wamng'ono akafika kwa wamkulu ndi mawu osalunjika, wamkuluyo amayamba kuganiza kuti kukubwera nkhani ya ngongole, kapena yoti akamulankhulire kwa ahedi.

Chofunika n'kupempha chinthu chimodzi chokhala ndi malire. Mphunzitsi uja adikire nthawi imene mayiwo ali okha ndipo sakuchonga makope, apereke moni, kenako anene kuti, "Pepani Mayi, ana anga a Folomu 3 sakumva phunziro la makona atatu, pomene anu amalimva. Kodi mungandilole kudzakhala kumbuyo m'kalasi mwanu piriyodi imodzi, tsiku limene mungaone kuti n'koyenera? Ngati teremu ino mwapanikizika, ndimvetsa."

M'mawu amenewa mayiwo amva chifukwa chimene asankhidwira iwo. Aona kuti zimene akupemphedwa ndi mphindi 40 za phunziro limene akanaphunzitsa kale, ndipo tsiku asankha okha. Chiganizo chomalizacho ndicho chachikulu, chifukwa akuluakulu ambiri sakonda kukana pamaso. Mukawatsekera njira yokanira, amavomera ndi pakamwa pokha, kenako n'kumakuzembani.

Akalola, fikani nthawi isanakwane, muli ndi kope, ndipo potuluka funsani funso limodzi kapena awiri basi. Pakapita sabata, bwererani mukawauze zimene mwayesa m'kalasi mwanu, zimene zayenda ndi zimene zakanika. Apa m'pamene ambiri amaphonya. Munthu amene waona kuti malangizo ake agwira ntchito amafuna kuperekanso ena. Zikatero kangapo, mukhoza kupempha kuti muzikumana kamodzi pamwezi kuti azionako sikimu yanu. Makumanowo azichitikira poonekera, nthawi ya ntchito, makamaka ngati wina ndi bambo wina ndi mayi, kuti pasabuke manong'onong'o.

Nanga akati "tidzaona"? Akumbutseni kamodzi kokha pakatha masabata awiri. Akabwerezanso mawu omwewo, dziwani kuti akana mwaulemu. Musawathire mauthenga pafoni usiku, ndipo musatume munthu wina kuti akawachonderere. Pitirizani kuwalonjera monga kale, n'kuyang'ana wina amene ali ndi mpata.

Sabata ino lembani vuto limodzi limene likukusautsani pantchito, muganizire amene amalidziwa bwino, ndipo mukawapemphe chimenecho chokha.