Kadontho Kapakhungu Kakayamba Kusintha

Timadontho tambiri tapakhungu sitivulaza, koma kakasintha m'miyezi yochepa kangakhale khansa ya melanoma. Madokotala amayang'ana zinthu zinayi.

Choyamba ndi maonekedwe. Mukakagawa pakati m'maganizo, mbali ziwirizo zimafanana ngati kadontho kali kabwinobwino. Mbali imodzi ikakula kapena kutukuka kuposa inzake, chenjerani. Chachiwiri ndi m'mphepete: kabwino kamakhala ndi malire osalala, pomwe kokayikitsa kamakhala ndi malire okhotakhota kapena osowerera m'khungu. Chachitatu ndi mtundu, maka ngati kasakaniza kuda, kufiira ndi kutuwa. Chomaliza ndi kukula kopitirira mamilimita 6, ngakhale melanoma imatha kuyamba yochepera apo.

Kwa anthu akhungu lakuda, khansayi imakonda kutuluka kuphazi, pachikhato ndi pansi pa chikhadabo. Tiyerekeze kuti banga lakuda la kuphazi lakula kuchoka pa mamilimita 4 kufika 8 m'miyezi itatu, ndipo malire ake akhota. Limenelo ndi lothamangira nalo kuchipatala sabata yomweyo, ngakhale lisakupweteka. Musalidule kapena kuliotcha, chifukwa madokotala amatsimikiza matendawa poyeza kachidutswa kake mu labotale.