Kaikidwe ka mtengo pa tenda yoperekera katundu ku sukulu za boma

Amalonda ambiri amene amapambana tenda yoperekera zakudya ku sukulu, zipatala ndi ndende amadzazindikira mocedwa kuti nchito imene anaikondwerera yawasiya ndi nkhongole. Kawirikawiri bvuto limayambira pa tsiku lolemba mtengo, pamene wamalonda aona mtengo wogulira katundu, naikapo kaphindu, naiwala miyezi imene adzayembekeza malipiro.

M'dziko la Zambia, kagulidwe ka katundu wa boma kamatsata lamulo la m'caka ca 2020, ndipo kabungwe ka ZPPA ndiko kamayang'anira nchitoyi. Oweruza tenda amayamba aona ngati mapepala ali bwino, monga a PACRA ndi cikalata ca ZRA coonetsa kuti misonkho inalipiridwa, ndiponso ngati katundu ali wa mtundu umene unafunsidwa. Mwa amene apyola pamenepa, mwini mtengo wotsika ndiye kawirikawiri amapatsidwa nchito. Kukweza mtengo nakonso kuli ndi malire, cifukwa ZPPA imafalitsa mndandanda wa mitengo ya pamsika umene ogula a boma amayerekezera nawo. Conco wamalonda ali ndi kampata kocepa, ndipo ayenera kudziwa mtengo wotsikitsitsa umene angalembe popanda kutaya ndalama.

Tiyeni titenge citsanzo. Mitengo iyi ndi yongoyerekezera, koma kawerengedwe kake sikasintha. Sukulu ya sekondale yogonera konko m'cigawo ca Kum'mawa ikufuna matumba 200 a nyemba za kabulangeti, thumba lirilonse lolemera makilogalamu 50. Mai wina wamalonda wapeza nyembazi pa K1,000 thumba, kutanthauza K200,000 zonse pamodzi. Ambiri apa amaonjezerapo 20 peresenti, nalemba K1,200 pa thumba, naganiza kuti K40,000 ndi yao.

Koma nyemba ziyenera kufika ku sukulu. Lole ikalipiritsa K60 pa thumba, ndiye kuti K12,000 yapita. Okweza ndi kutsitsa katundu pamodzi ndi masaka atsopano atenga K20 pa thumba, yomwe ndi K4,000. Ndiponso nyemba zogulidwa kwa alimi zimabwera ndi timiyala, zinyalala ndi zina zofumbwa, ndipo zikapitiriza kuuma zimapepuka. Woyang'anira nkhokwe ya sukulu adzaika thumba pa sikelo, ndipo sadzasaina ngati lapelewera. Ngati pa thumba lirilonse patayika makilogalamu 2 posankha, maiyu ayenera kugula matumba ena 8, omwe ndi K8,000. Kukonza mapepala a tenda ndi maulendo okafunsa za malipiro tiike K3,000. Ndalama zonse zafika pa K227,000, sukulu isanapereke ngakhale ngwee imodzi.

Tsopano pakubwera nkhani ya nthawi, imene imagwetsa anthu ambiri. Tinene kuti maiyu wakongola ndalamazi pa ciwongoladzanja ca 3 peresenti pa mwezi. Mwezi uliwonse umene sukulu isanalipire umamudyera K6,810. Mgwirizano ukhoza kunena kuti malipiro adzaperekedwa pasanathe masiku 30, koma sukulu imalipira ikalandira ndalama zake, ndipo nkhani ya boma kucedwa kulipira operekera katundu ndi yodziwika kwa zaka zambiri. Munthu wanzeru amafunsa amene anaperekapo katundu pamalopo kuti iwo anayembekeza nthawi yaitali bwanji, nawerengera imeneyo. Ngati yankho ndi miyezi itatu, ciwongoladzanja ndi K20,430, ndipo zonse zakwana K247,430. Ngakhale ndalama zikhale za m'thumba mwake, kuwerengera kumeneku kufunikabe, pakuti zikanakhala zikuzungulira m'malonda ena m'miyezi imeneyo.

Cotsala ndi msonkho. Amalonda ang'onoang'ono amalipira ku ZRA msonkho wowerengedwa pa ndalama zonse zimene agulitsa, osati pa phindu, ndipo m'caka ca 2025 msonkhowu unakwera kucoka pa 4 kufika pa 5 peresenti. Popeza umacotsedwa pa mtengo wogulitsira, njira yolondola ndiyo kugawa K247,430 ndi 0.95. Yankho ndi pafupifupi K260,450, kapena K1,302 pa thumba. Pa mtengo umenewu maiyu sapindula ndipo sataya. Akanalemba K1,200 ija, akanalandira K240,000, ZRA ikanatenga K12,000, ndipo iye akanatsala ndi cibowo ca K19,430 pa tenda imene anapambana.

Nanga akalemba K1,350? Adzalandira K270,000, msonkho udzakhala K13,500, ndipo phindu lake lidzakhala K9,070. Sukulu ikacedwa mwezi wina umodzi, phindulo latsika kufika pa K2,260. Ikacedwa miyezi iwiri, wataya K4,550. Apa m'pamene pamaonekera kuti pa tenda yotere, tsiku la malipiro liri ndi mphamvu kuposa makwaca ocepa amene munthu amalimbirana ndi mlimi pogula.

Nthawi imalowanso mwa njira ina. Mapepala a tenda amanena masiku amene mtengo wolembedwa uyenera kukhala osasintha, ndipo nthawi zambiri amakhala 90. Nyemba zimachipa alimi akangokolola ndipo zimakwera mtengo dzinja likamayandikira. Mafuta nawo sakhazikika, pakuti kuyambira m'caka ca 2022 kabungwe ka ERB kanayamba kuunika mitengo yake mwezi ndi mwezi. Motero mtengo wofunika kulowa m'masamu ndi wa mwezi umene katundu adzagulidwa, osati wa tsiku lolemba tenda. M'citsanzo cathu, thumba likakwera ndi K50 cabe, matumba 208 aonjezera K10,400, ndipo phindu lonse la K9,070 lathera pomwepo.

Funso limene ambiri amafunsa ndi lakuti, ngati anzathu akulemba K1,250, ife ticite ciani? Ena mwa iwo alidi ndi njira zocepetsera ndalama zotuluka. Wina anagula nyemba nthawi yokolola nazisunga bwino, wina ali ndi lole yake kapena amagwiritsa nchito lole yobwerera yopanda katundu, wina anagwirizana ndi alimi kuti adzawalipira theka pambuyo pake. Njira zimenezi n'zimene wamalonda angatsanzire, ndipo iriyonse imatsitsadi K1,302 ija. Ngati mgwirizano ulola, kupereka matumba 50 nthawi imodzi ndi kulemba invoisi ya gawo lirilonse kumacepetsa ndalama zokongola kwambiri. Koma ena amene amalemba mitengo yotsika sanawerengere konse, ndipo amadziwika ndi zocita zao: amapempha kusintha mtengo atasaina kale, amabweretsa matumba opelewera kapena nyemba zosakaniza, kapena amangosowa. Kuwatsatira n'koopsa, cifukwa wolephera kukwaniritsa mgwirizano akhoza kuletsedwa ndi ZPPA kupikisana pa matenda a boma kwa nthawi ndithu. Ngati mtengo wopambana uli pansi pa malire ake, ndi bwino wamalonda aisiye tendayo ipite.

Amene wapambana asamale mapepala pa tsiku loperekera katundu. Matumba ayesedwe pa sikelo iye alipo, woyang'anira nkhokwe asaine ndi kudinda cikalata colandirira katundu, ndipo invoisi ikhale ndi nambala ya oda ya sukulu ndi ciwerengero cofanana ndi ca pa cikalataco. Ofesi ya ndalama imabweza invoisi imene manambala ake sagwirizana, ndipo m'citsanzo cathu sabata iriyonse yotayika motero imadya pafupifupi K1,600.