Mungasankhe malamulo otani musanadziwe kuti mudzakhala yani?

Wogawa keke akauzidwa kuti iye atenga gawo lake pomaliza, ena onse atasankha, mpeni amauyendetsa mosamala kwambiri. Sikuti mtima wake wasanduka wabwino mwadzidzidzi ayi. Sakudziwa chabe kuti ndi gawo liti limutsalire, ndiye njira yokhayo yodzitetezera ndi kudula magawo ofanana. Chitsanzochi chili m'buku la John Rawls, katswiri wa filosofi wa ku America yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Harvard. Bukulo, A Theory of Justice, linatuluka mu 1971, ndipo funso lake linali lalikulu kuposa keke: kodi malamulo oyendetsera dziko lonse angasankhidwe bwanji kuti pasakhale wodzikondera?

Rawls anati tiyerekeze kuti anthu asonkhana kuti agwirizane mfundo zoyendetsera dziko lomwe iwo ndi ana awo adzakhalemo. Onse ali kuseri kwa nsalu yotchinga. Amadziwa mmene chuma chimayendera ndiponso mmene anthu amaganizira, koma za iwo eni sadziwa kanthu. Palibe akudziwa ngati adzabadwire m'banja la mwanaalirenji kapena la mmphawi, ngati adzakhale wanzeru kapena wamphamvu, ngakhale chipembedzo chomwe adzatsatire. Wofuna kuika lamulo lokomera olemera ayenera kukumbukira kuti nsalu ikachotsedwa akhoza kupezeka kuti wosauka uja ndi iyeyo.

Rawls, yemwe anabadwira ku Baltimore mu 1921 ndi kumwalira mu 2002, ankadziwa bwino za mwayi ndi tsoka. Ali mwana, azing'ono ake awiri anamwalira ndi matenda omwe anawatengera kwa iye, mwiniwake n'kuchira. M'bukulo amabwerezabwereza kuti munthu sagwirira ntchito banja lobadwiramo kapena luso lobadwa nalo, choncho zinthuzi si chifukwa chokwanira choti wina adye zonona, mnzake n'kumagona ndi njala.

Iye anati anthu a kuseri kwa nsalu angayambe ndi ufulu: aliyense akhale nawo wofanana, monga wovota, wolankhula ndi wopembedza, ndipo usasinthanitsidwe ndi ndalama. Kenako mwayi wofikira ntchito ndi maudindo ukhale wotseguka kwa onse, osati papepala pokha. Mfundo yomaliza ndiyo inabutsa mkangano: kusiyana kwa chuma n'kololedwa pokhapokha kukupindulitsa kwambiri anthu otsikitsitsa.

Masamu ongoyerekeza angathandize apa. Dziko lina lili ndi magulu atatu ofanana kukula, ndipo chuma cha banja tikuchiyeza m'matumba a chimanga pachaka. Pa dongosolo loyamba aliyense apeza matumba 10. Pa lachiwiri, akhama ndi aluso aloledwa kupeza zambiri, zokolola zachuluka, ndipo magulu aja apeza 15, 25 ndi 35. Pa lachitatu zokolola zachuluka koposa, koma zagawika motere: 4, 30 ndi 56.

Rawls akuti yang'anani wotsikitsitsa pa dongosolo lililonse, 10, 15 ndi 4, musankhe pomwe iyeyo ali bwinoko. Lachiwiri lapambana. Apa pakuoneka kuti Rawls sankalimbikitsa kufanana kwa tchutchutchu monga ena amamunenera. Dongosolo loyamba analikana, chifukwa palibe chomwe mmphawi apindula pokhala ndi matumba 10 pomwe akanakhala ndi 15, kungoti mnzake asamupose.

Koma John Harsanyi, katswiri wa zachuma wobadwira ku Hungary yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1994, anali atalemba kale za kusankha mosadzidziwa mu 1953 ndi 1955, ndipo yankho lake linali lina. Iye anati ngati sukudziwa gulu lako, tenga kuti mwayi wogwera paliponse ndi wofanana, n'kusankha pomwe avareji ya ubwino wa anthu ndi yayikulu. Tikawerenga matumba okha, maavareji ndi 10, 25 ndi 30, ndiye lachitatu lapambana. Kunena zoona Harsanyi ankayeza ubwino womwe munthu amapeza, osati katundu, ndipo thumba limodzi limathandiza wanjala kuposa wokhuta, choncho masamu ake akhoza kusuntha pang'ono. Komabe mfundo yake siisintha: kuvutika kwa ochepa kukhoza kulipiridwa ndi phindu lalikulu la ambiri.

Mu 1975 Harsanyi anatsutsa Rawls ndi nkhani ya munthu wa ku New York yemwe wapeza ntchito ziwiri, yotopetsa ndi ya malipiro ochepa kwawo komweko, ndi yabwino kwambiri ku Chicago koma yofuna kukwera ndege. Woyang'ana choipitsitsa chokha angakane ya ku Chicago poopa ngozi ya ndege, ndipo munthu wotere sangawoloke ngakhale msewu. Rawls sankanena kuti mantha otere ndi nzeru pa chisankho chilichonse. Iye ankati kuseri kwa nsalu n'kwapadera: palibe maziko owerengera mwayi, chisankho n'cha kamodzi, ndipo ukagwera pa matumba 4 ndi moyo wako wonse pamodzi ndi wa ana ako. Sungalonjeze moona mtima kusunga pangano lomwe ukudziwa kuti mwina sudzatha kulipirira.

Nanga anthu enieni amasankha chiyani? Norman Frohlich ndi Joe Oppenheimer anayesa zimenezi ndi ophunzira a m'mayunivesite ku United States, Canada ndi Poland, ndipo zotsatira anazilemba m'buku lawo la 1992, Choosing Justice. Ankaika ophunzira asanuasanu pagulu kuti akambirane mfundo yogawira ndalama, aliyense asakudziwa kuti agwera pa malipiro ati. Mfundo ya Rawls pafupifupi gulu lililonse linaikana. Ya avareji yokha inasankhidwa ndi magulu ochepa. Magulu oposa atatu mwa anayi alionse anasankha njira ya pakati: ikani mlingo woti munthu asatsike kupitirira pamenepo, kenako lolani avareji ikwere mmene ingathere.

M'dziko la matumba lija, limeneli lingakhale dongosolo lachinayi, la 12, 28 ndi 44. Wotsikitsitsa wataya matumba atatu poyerekeza ndi dongosolo la Rawls, koma sanagwere pa 4, ndipo avareji yafika 28. Omutsatira Rawls ali ndi poyankhira: wophunzira wa m'kalasi akudzidziwa kuti ndi yani, ndipo chomwe chili pachiswe ndi ndalama za tsikulo basi. Ngakhale zili choncho, n'kovuta kukana kuti nsalu ija payokha sitchula yankho limodzi. Imachotsa kudzikondera, koma imasiya funso loti munthu alole kuika moyo wake pangozi mpaka pati.

Palinso nkhani ya zomwe nsaluyo iyenera kuphimba. Susan Moller Okin, m'buku lake la 1989, Justice, Gender, and the Family, anaonetsa kuti Rawls ankaganiza za osankha aja ngati mitu ya mabanja, ndipo pa mndandanda wa mu 1971 wa zinthu zobisika sanatchule zoti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Okin sanataye ganizo la Rawls koma analikankhira mpaka m'nyumba. Matumba 15 aja awerengedwa pa banja, pomwe wosankha yemwe sakudziwa ngati adzakhale bambo, mayi kapena mwana wamkazi angafunenso kudziwa kuti amagulitsa ndani, amasunga ndalama ndani, ndipo fizi ikachepa amasiya sukulu ndani.