Fupa Lothyoka pa Chithunzi cha Ekisileyi: Mzere Wakuda, Chifunga ndi Chotupa

Munthu akathyoka mwendo n'kupita kuchipatala, chithunzi choyamba cha ekisileyi sichimuvuta kumvetsa. Fupa ndi loyera, pakati pake padutsa mzere wakuda, ndipo aliyense akuona kuti apa zathyoka. Chimene chimasokoneza anthu ndi chithunzi chachiwiri. Papita milungu iwiri ali m'chikhakha, ululu wachepa, kutupa kwaphwa, koma akamujambulanso mzere uja ukuoneka waukulu kuposa poyamba. Ambiri mtima umasweka pomwepo. Ena amafika poganiza kuti kuchipatala kwalephera, amadula chikhakha n'kupita kwa asing'anga. Komatu nthawi zambiri chithunzi chimenechi chimakhala chikunena uthenga wabwino, ndipo kuti timvetse tiyenera kudziwa kaye chimene makinawa amaona ndi chimene saona.

Kuwala kwa ekisileyi anakutulukira ndi Wilhelm Röntgen mumzinda wa Würzburg ku Jeremani mu 1895. Kuwalaku kumapyoza thupi n'kukadetsa filimu imene ili kuseri. Pamene padutsa kuwala kwambiri pamada, pamene kwatsekerezedwa pamayera. Mpweya sutsekereza kanthu, n'chifukwa chake mapapo amaoneka akuda. Mnofu umatsekereza pang'ono, umaoneka wotuwa. Fupa lili ndi mchere wa kashiamu wochuluka umene umagwira kuwalaku, choncho limaoneka loyera, ndipo chitsulo chimayera mbee kuposa fupa. Ndiye kuti chithunzi cha fupa kwenikweni ndi chithunzi cha kashiamu. Pamene kashiamu palibe, ngakhale thupi likugwira ntchito yaikulu bwanji pamenepo, filimu imangoonetsa mdima.

Titenge chitsanzo chimene zipatala zathu zikuchiona kawirikawiri masiku ano: bambo wa zaka 30, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza, wagundana ndi galimoto ndipo wathyoka fupa la msongolo chapakatikati, koma khungu silinabooke.

Tsiku loyamba amamujambula kawiri, chakutsogolo ndi cham'mbali. Sikuwononga filimu ayi. Chithunzi chimodzi n'chophwatalala, ndipo fupa limene lapindikira kumbuyo likhoza kuoneka lowongoka mukaliyang'ana kutsogolo. Amaonetsetsanso kuti bondo ndi kakolo zalowa pachithunzi, chifukwa mphamvu imene yathyola msongolo ikhoza kuthyolanso fupa laling'ono loyandikana nalo pamalo ena akutali, kufupi ndi bondo. Wowerenga chithunzi amatsata ndi diso mphepete yoyera kwambiri ya fupa, imene ili khoma lake lolimba, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pamene khomali laduka kapena lapanga sitepe, m'pamene pathyoka. Pa tsiku loyambali m'mbali mwa mzere wakuda mumakhala mwakuthwa, mooneka bwino. Nthawi zina m'malo mwa mzere wakuda pamaoneka mzere woyera kwambiri, kusonyeza kuti zidutswa ziwirizo zalowana kapena zasanjikizana, ndipo kuwala kwadutsa fupa kawiri.

Funso lalikulu tsiku limeneli si lakuti kodi lathyoka, koma lakuti zidutswazo zili bwanji. Pa msongolo, madokotala ambiri amalola kupindika kwa madigiri pafupifupi 5 cham'mbali ndi kufupika kosapitirira sentimita imodzi. Zikakhala mkati mwa malire amenewa, kapena akazikoka n'kuzibwezera m'malo, bambo uja amamuika chikhakha chochokera kuphazi mpaka pantchafu. M'zipatala za m'maboma ntchitoyi amaigwira kwambiri ndi makiliniko ofisa a mafupa, amene Malawi anayamba kuwaphunzitsa mu 1985. Zikakanika, wodwala amatumizidwa kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe kuti akamuike chitsulo.

Tsopano tibwere pa chithunzi chosokoneza chija. Fupa likathyoka, timitsempha ta magazi ta mkati mwake timaduka, magazi amaundana pakati pa zidutswazo, ndipo kachigawo kakang'ono ka fupa kunsonga zonse ziwiri kamafa chifukwa chosowa magazi. Thupi silimanga pa fupa lakufa. Limatumiza maselo amene ntchito yawo ndi kudya fupa, ndipo m'mlungu woyamba ndi wachiwiri amasesa nsongazo. Zotsatira zake pa filimu n'zakuti mzere wakuda umakula ndipo m'mbali mwake, mmene munali mwakuthwa, mumabuntha. Wodwala amaona ngati mpata ukukula, chonsecho ndi malo amene akukonzedwa.

Pa nthawi yomweyo, m'magazi oundana aja mukumera timitsempha tatsopano, ndipo pang'onopang'ono mpatawo ukudzaza ndi chicherechere, chofanana ndi choyera chotafunika chija chimene timachipeza kunsonga kwa fupa la nkhuku. Chimenechi chimagwirizanitsa zidutswazo moti sizigwederanso kwambiri, n'chifukwa chake ululu umachepa. Koma chicherechere chilibe kashiamu, ndiye pa ekisileyi sichioneka. Apa pali zoopsa ziwiri. Woyang'ana chithunzi chokha amataya mtima msanga, ndipo womvera ululu wokha amadzidalira msanga. Bambo wa kabaza amene akuti "sindikumvanso kupweteka, ndibwerere pamsewu" ali ndi mwendo wogwidwa ndi chinthu chofewa chimene chikhoza kupindika akangoupondera mwamphamvu.

Nanga ngati kuchira sikuoneka m'milungu yoyambayi, amajambuliranji? Amafuna kuona ngati zidutswa zasuntha. Kutupa kukaphwa, chikhakha chimakhwepa ndipo fupa likhoza kupendekera mkati mwake. Zikadziwika pa mlungu woyamba kapena wachiwiri, n'zotheka kuliwongolanso. Zikadziwika pa mlungu wachisanu ndi chimodzi, limakhala litayamba kugwirana mokhota. Ine ndimaona kuti ulendo umenewu ndi umene anthu amaujomba kwambiri, poti thiransipoti yadula ndipo munthu akumva bwino, koma pa maulendo onse ndi umene sungabwezedwe.

Kuusa moyo kumayamba cha pa mlungu wachitatu kapena wachinayi kwa munthu wamkulu, pomwe kwa mwana wamng'ono zimatha kuoneka pasanathe milungu iwiri. Kashiamu amayamba kulowa m'chicherechere chija, ndipo pa filimu pamaoneka kachifunga kotuwa m'mbali mwa fupa, kunja kwa khoma lake. Madokotala amakatchula kuti kalasi. Chodabwitsa n'chakuti sikayambira pakati pa mzere, koma chapatali pang'ono mbali zonse ziwiri, pamene kachikopa kokuta fupa kali ndi magazi okwanira, kenako kamakula kulowera pakati mpaka mbali ziwirizo zitakumana pamwamba pa mpata. Choncho pa mlungu wachisanu ndi chimodzi kapena wachisanu ndi chitatu, bambo wathu akhoza kuona chotupa choyera chozungulira pothyoka, mzere wakuda ukuonekabe mkati mwake. Si vuto. Fupa limayamba kugwirana kunja, mkati n'kumatsatira. Cha apa ambiri amawasinthira ku chikhakha chachifupi cholekezera pabondo n'kuwalola kupondera pang'onopang'ono ndi ndodo, popeza kulemera koyenera kumalimbikitsa fupa latsopano kukhwima. Mudzaonanso kuti mafupa a phazi ndi kakolo ayamba kutuwa pa chithunzi: fupa losagwiritsidwa ntchito limataya kashiamu, ndipo limabwerera munthu akayamba kuyenda.

Kodi amadziwa bwanji kuti lagwira? Zithunzi ziwiri zija zimaonetsa makoma anayi: lakutsogolo, lakumbuyo, lamkati ndi lakunja. Madokotala ambiri amati fupa lagwirana ngati kalasi wadutsa mosadukiza pa makoma atatu mwa anayiwo. Koma saweruza ndi filimu yokha. Amasindikiza ndi chala pothyoka paja, amayesa kupinda pang'ono, ndipo amamuuza munthu kuti aponde. Pakapanda kupweteka, chithunzi ndi thupi zagwirizana. Msongolo wa munthu wamkulu nthawi zambiri umafika apa pa miyezi itatu kapena inayi, mwinanso kupitirira, pomwe fupa la mkono lothyoka pafupi ndi dzanja limangofuna milungu pafupifupi isanu ndi umodzi.

Chotupa chija chimakhalapobe, ndipo pa msongolo, poti mnofu ndi wochepa, munthu amachimva ndi dzanja. Musachiope. M'miyezi ndi zaka zotsatira thupi limachisema, kuchotsa fupa pamene silikufunika n'kulimbitsa pamene pakudutsa kulemera, mpaka mphako ya pakati pa fupa itatsegukanso. Kwa mwana, pakapita zaka ziwiri kapena zitatu chithunzi chikhoza kusaonetsa n'komwe kuti panathyokapo. Kwa wamkulu kachizindikiro kamatsala, ndipo fupa likagwirana mokhota silidziwongola. Amene anaikidwa chitsulo chophwatalala chomangidwa ndi masikuluu zawo zimasiyana: zidutswa zikapanikizidwa osagwedera ngakhale pang'ono, kalasi amakhala wochepa kapena osaoneka, mzere umangozimiririka.

Pali nthawi zina pamene fupa limakana kugwirana, ndipo ekisileyi imasonyeza chifukwa chake. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira, mzere udakalipo ndipo zithunzi za miyezi itatu yotsatizana sizikusintha, pamaoneka chimodzi mwa zinthu ziwiri. Mwina kalasi ndi wochuluka mbali zonse, nsonga zatambasuka, koma sizinakumane. Madokotala amati phazi la njovu. Tanthauzo lake n'lakuti magazi alipo, thupi likuyesetsa, koma pakugwedera kwambiri, ndipo mankhwala ake ndi kumanga zolimba, kawirikawiri ndi chitsulo. Kapena kalasi palibiretu, nsonga zaonda ndi kusongoka. Apa vuto ndi kusowa magazi, ndipo nthawi zambiri pamafunika opaleshoni yotenga fupa pachiuno kukaika pampatapo. Fodya, matenda a shuga osasamalidwa, kusadya mokwanira ndi mafinya olowera pabala la fupa lotulukira kunja ndi zimene zimakokera munthu ku mavuto amenewa. Pa zonsezi, fodya ndiye amene wodwala angamusiye lero lomwe.

Palinso zina zimene ekisileyi sionetsa n'komwe. Ngati m'masiku oyamba ululu ukukulirakulira m'chikhakha osamva mankhwala, zala zachita dzanzi, zazizira kapena zasintha mtundu, ndiye kuti mnofu ukupanikizika ndipo magazi sakuyenda. Chithunzi chikhoza kukhala chokongola mwendo ukufa. Pamenepo musadikire tsiku limene analemba m'buku, thamangani usiku womwewo.

Chithunzi chimodzi pachokha chimanena zochepa. Dokotala amadziwa kuti fupa likuchira poika cha lero pambali pa cha mwezi watha. Choncho sungani mafilimu anu onse pamalo ouma, osawapinda, ndipo ngati chipatala chanu chimaonetsa zithunzi pa kompyuta, pemphani kuti mujambule ndi foni, deti likuoneka. Ulendo uliwonse muwatenge pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo chikhakha musachichotse nokha mpaka amene akuwerenga zithunzizo atanena kuti fupa lagwira.