Mpumiro wotsogolera “chifukwa”: pamene uli cholakwa, pamene uli luso

Ana ambiri amene ndimawaphunzitsa Chichewa kuno ku Ntcheu amafika ku fomu 1 atasenza lamulo lakuti chiganizo sichiyamba ndi “chifukwa”. Lamuloli linapangidwa ndi cholinga chabwino, koma si loona. “Chifukwa cha mvula, msika wa pa Lizulu unabalalika msanga” ndi chiganizo chathunthu. “Zimene yanena mfumu n'zomveka” nachonso n'chathunthu. Chimene aphunzitsi timadana nacho si liwu loyambalo ayi, koma nthambi yosaima payokha imene yadulidwa ku chiganizo chake n'kupatsidwa lembo lalikulu ndi mpumiro ngati kuti yakwana.

Nachi chitsanzo cha zimene ndimapeza kawirikawiri m'zimangirizo. Mwana akulemba za ulimi wa kwawo ku Tsangano:

“Chaka chatha alimi anagulitsa mbatata ya kachewere motchipa. Chifukwa msewu unaonongeka ndi mvula. Zomwe zinachititsa kuti ana ambiri asapite kusukulu.”

Pali mipumiro itatu, koma chiganizo ndi chimodzi chokha, choyambacho. Chachiwiri chili ndi mwininkhani, “msewu”, komanso mneni, “unaonongeka”, n'chifukwa chake mwanayo akuona ngati chakwana. Koma mlumikizi “chifukwa” wachisandutsa nthambi yamuonjezi, ndipo nthambi yotere imafuna mneni wina woti imufotokoze. Njira yoyesera ndi yosavuta. Werengani mawuwo mokweza kwa munthu amene wangolowa kumene m'chipinda. Mukati “alimi anagulitsa mbatata motchipa”, iye amva nkhani. Mukati “chifukwa msewu unaonongeka”, akhala chete kudikira, kenako afunsa kuti, “Ndiye zinatani?” Funso limenelo likabwera, dziwani kuti mwalemba chiduswa.

Kukonza chachiwirichi sikuvuta: chotsani mpumiro, “chifukwa” ayambe ndi lembo laling'ono, basi. Chachitatu ndiye chili ndi vuto lalikulu, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono.

M'Chichewa, “-mene” ndi “-omwe” amatenga mgwirizanitsi wa dzina limene akuliloza: msewu umene, alimi amene, thumba limene, chaka chimene. Mgwirizanitsiyo ndiye chala cholozera, ndipo amatithandiza kwambiri kuposa mmene mawu otere amathandizira m'Chingerezi, momwe liwu limodzi limaloza chilichonse. Tsono m'ndime ya mwana uja, “zomwe” akuloza chiyani? Palibe dzina la gulu la “zi-” m'mawu onse am'mbuyomo. Akuloza nkhani yonse mwachisawawa. Kodi ana sanapite kusukulu chifukwa makolo analibe ndalama atagulitsa mbatata motchipa, kapena chifukwa msewu sunkadutsika? Zonse ziwiri n'zotheka, ndipo wowerenga alibe pogwira. Ngakhale mutaika mpatuliro m'malo mwa mpumiro, chifungacho chikhalapobe. Mankhwala ake ndi kutchula dzina: “Kuchepa kwa ndalamaku kunachititsa kuti ana ambiri asapite kusukulu.” Tsopano chiganizo chaima pachokha, ndipo tadziwa chimene wolemba akunena.

Mchitidwe woyamba ndi “zomwe zachititsa kuti” wafala kwambiri m'nkhani za pawailesi ndi m'nyuzipepala, makamaka zimene zinayamba zalembedwa m'Chingerezi kenako n'kumasuliridwa mothamanga. Ana amazimva tsiku ndi tsiku n'kumayesa ndicho Chichewa cha ophunzira. Ine ndimachiona ngati chizolowezi chobisa ulesi wa kuganiza, pakuti chimalola munthu kulumikiza zinthu ziwiri osanena bwinobwino kuti chachititsa chinzake n'chiti.

Komatu chiduswa chili ndi malo ake. Malo oyamba ndi poyankha funso. Mayi afunsa, “Bwanji sunapite kudimba?” Mwana ayankha, “Chifukwa khasu laguluka.” Palibe Mngoni wa kwa Gomani kapena wina aliyense amene angabwereze funso lonse asanayankhe. Nthambi yoima payokha ilipo, ili m'funsomo, ndipo onse awiri akuidziwa. Wolemba sewero kapena nthano amene angakakamize anthu ake kuyankha ndi ziganizo zathunthu adzawayankhulitsa ngati akuwerenga chikalata cha kukhoti. Chimodzimodzi mlembi amene wadzifunsa yekha funso m'nkhani yake akhoza kuliyankha ndi chiduswa, bola funsolo likhale pomwepo, osati ndime ziwiri m'mbuyo.

Malo achiwiri ndi osangalatsa kwambiri kwa ine, chifukwa pamenepa mpumiro umasintha tanthauzo. Taonani chiganizo ichi: “Sanapite ku Kampepuza chifukwa cha ngongole.” Chikhoza kutanthauza kuti munthuyo anakhala pakhomo poopa amene anawakongola. Chikhozanso kutanthauza kuti anapita ndithu, koma chimene chinamupititsa si ngongole. Poyankhula, kakwezedwe ka mawu ndi kapumidwe zimatiuza tanthauzo loyenera, koma papepala sitilemba zimenezo. Mneni wokana akatsogolera “chifukwa”, kukanako kukhoza kugwera pa mneni kapena pa chifukwacho. Tsono wolemba nthano akalemba kuti, “Sanapite ku Kampepuza. Chifukwa cha ngongole,” watseka tanthauzo lachiwiri lija. Ulendo sunachitike, ndipo chifukwa chake chafika mochedwa, monga mmene munthu amaululira chinthu chamanyazi atayamba wapuma. Chiduswa chimenechi chagwira ntchito imene chiganizo chathunthu chikanalephera.

Nthambi yamfotokozi nayo ikhoza kudulidwa mwadala, ngati mgwirizanitsi wake akuloza dzina limodzi lokha, lomwe langotchulidwa kumene. “Anagulitsa munda. Umene agogo ake anaulima zaka zonse zija.” Apa “umene” sangaloze china koma munda, ndipo kupumako kukuonetsa kuwawa kwa nkhaniyo. Yerekezani ndi “zomwe” wa mwana uja, amene sankaloza kanthu.

Choncho ndikamawerenga chiduswa ndimafunsa ngati chiganizo chimene chadulidwako chili pafupi, komanso ngati kubwezeretsa mpatuliro kungataye kanthu. Ngati palibe chotayika, mpumirowo unangogwa mwangozi, pamene wolemba anapumira m'mutu mwake. Ndimayang'ananso kuchuluka kwake. Chiduswa chimodzi patsamba chimamveka, koma zisanu zotsatizana zimachititsa nkhani kumveka ngati munthu wa befu.

Pali zolemba zina zimene sindilola chiduswa ngakhale chimodzi: kalata yofunsira ntchito, lipoti, zokambirana za komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ndi kalata ya chigamulo cha malo yochokera kubwalo la mfumu. Zolemba zotere zimawerengedwa patapita zaka, ndi anthu amene panalibe, ndipo nthawi zina mzere umodzi umawerengedwa pawokha pa mlandu. Mzere wakuti “Chifukwa malire anasuntha” suuza aliyense amene anapatsidwa mundawo.

Kwa amene akukonzekera mayeso a MANEB, kaya a JCE kapena a MSCE, langizo langa ndi lakuti m'chimangirizo chofotokoza kapena chamtsutso lembani ziganizo zathunthu zokhazokha. Wochonga ali ndi mulu wa mapepala ndipo sangakufunseni ngati munadula mwadala. Chiduswa chisungireni mawu a anthu oyankhulana m'nthano, mkati mwa zizindikiro za mawu oyankhulidwa, pamene aliyense akuona kuti ndi yankho la funso limene lili pamzere wapamwamba.