Ngongole ya pafoni pa chipata cha Mwanza: 10 peresenti yake ndi ya masiku angati?

Wamalonda wa pa chipata cha Mwanza, wokapikula katundu ku Zobue, akaona ngongole ya pafoni ya K20,000 yobweza K22,000 pakatha masiku 14, amati chiwongola dzanja ndi 10 peresenti basi. Ine ndikuti mtengo wa ngongoleyi saudziwa mpaka atauwerengera pa chaka, monga momwe mabanki amatchulira chiwongola dzanja chawo.

Masamu ake ndi awa. Gawani K2,000 yowonjezerayo ndi K20,000 imene mwalandira, mupeza 10 peresenti. Chaka chili ndi masiku 365, ndipo masiku 14 amalowamo pafupifupi ka 26. Chulukitsani 10 ka 26, mupeza 260 peresenti pa chaka. Samalaninso ngati obwereketsa akudula K2,000 ija musanalandire, chifukwa pamenepo m'manja mwanu mwalowa K18,000 yokha, ndipo mtengo wafika pafupifupi 290 peresenti.

Ena adzati palibe amene amasunga ngongole yotereyi chaka chonse. Ndikuvomereza, koma wamalonda wapamalire amabwereka ulendo uliwonse, ndipo akatero masabata awiri aliwonse, pakutha chaka walipira K52,000 chifukwa cha K20,000 yomweyo. Enanso adzati phindu la katundu limabweza zonsezo. Zimatheka katundu akatha msanga. Koma akachedwa kutuluka pachipata, kapena metikali ikakwera mtengo kwa osintha ndalama, tsiku lobweza silisuntha, ndipo K2,000 ija imayamba kudya mpamba.