Uthenga wa Khirisimasi kwa agogo: ulemu patsogolo, chikondi pambuyo pake

Sabata latha titatuluka m'Misa ku Kabwata, mnyamata wina wa m'kwaya anationetsa uthenga umene anafuna kutumiza kwa agogo ake ku Katete. Analemba kuti: "Bwanji gogo, Khirisimasi yabwino, nakuyewa." Mtima wake unali wabwino, koma mawuwo anali a kwa mnzake wa ku Chelstone.

Ife okhala mu Lusaka timaiwala chinthu chimodzi. Agogo ambiri sawerenga okha uthenga wa pa lamya. Amawawerengera mdzukulu kapena mwana wa pafupi, mokweza, pakhonde, anthu ali kumva. Tsono mawu athu amawapatsa agogo ulemu kapena manyazi pamaso pa mudzi wonse.

Tinakhala naye pansi mnyamatayo ndi kukonza zinthu zitatu.

Choyamba ndi kaitanidwe. Timati "Agogo" kapena "Ambuya", osati "gogo" chabe, ndipo dzina lawo lobadwa nalo sititchula. Tikafuna kuwasangalatsa timawonjeza chiwongo chawo, monga aNaphiri kapena aNabanda. Mawu onse akhale a ulemu: "takusowani", osati "ndakusowa".

Chachiwiri ndi dongosolo. Kumudzi mlendo sayamba ndi nkhani imene wabwerera, amayamba wafunsa moyo. Disembala ndi nthawi yopalira, choncho tifunse za m'thupi, za mvula ndi za kumunda. Chikondi agogo amachimva pamene takumbukira mwendo umene unali kuwavuta, osati m'mawu okometsera. Nkhuku ndi mpunga zimene tidzadya ku Woodlands tisazitchule, pakuti nyengo ino nkhokwe zambiri zayamba kupepuka.

Chachitatu ndi mphatso. Ibwere pothera, ndipo tiichepetse pakamwa: "kangachepe ka sopo". Kuchuluka kwa ndalama tisalembe mu uthenga wowerengedwa pagulu. Tiimbe lamya ndi kuwauza eni ake, kuti adziwe zimene ayenera kulandira.

Uthengawo unatuluka motere: "Agogo aNaphiri, muli bwanji? Mwendo uja uli bwanji tsopano? Kodi mvula yagwa bwino, ndipo chimanga chamera? Ife kuno tili bwino, ana akupereka moni. Takusowani kwambiri. Pa Misa ya usiku wa Khirisimasi tidzakupemphererani. Tatumiza kangachepe ka sopo. Ambuye Yesu wobadwayo akusungeni. Ndine mdzukulu wanu."

Mnyamatayo anadandaula kuti nthabwala zasowamo, popeza agogo ake amamutcha "amuna anga". Ndi zoona, mwambo wathu umalola mdzukulu kuseka ndi agogo. Koma nthabwala imafuna liwu, ndipo ikawerengedwa ndi pakamwa pa wina imatha kumveka ngati chipongwe. Tiisunge mpaka pa 25 Disembala poimba lamya, ndipo tiwasiye agogo aiyambe okha.